Madola Naini a Mantha

Lachisanu lililonse m'mawa, dzuwa la mu Dubai lisanayambe nkhanza zake, a Ghassan ankaika zigubu ziwiri za madzi m'galimoto n'kupita kumanda kukathirira duwa la yasimini wa akazi awo. Anamudzala okha kumutu kwa manda, mayi Souad atangoikidwa, ndipo m'mbali mwake anakwirira mabotolo oboola kunsi kuti madzi azidontha pang'onopang'ono mpaka sabata ithe. Kamtengoko sikanali kokongola. Kanali kothetheka, kotuwa ndi fumbi, koma kanali kamoyo, ndipo a Ghassan ankakayang'ana ngati mwana wodwaladwala amene wakana kufa.

Anali atakhala mu Dubai zaka zoposa makumi awiri, koma dzikoli silimupatsa mlendo ufulu wokhala chifukwa choti wakalambiramo kapena waikamo mkazi. Chiphaso chawo chokhalira chinali chomangika ku ntchito. Ntchito ikatha, chiphaso chimatha, munthu n'kumanga katundu. Ndalama zimene zikanawagulira ukalamba wabwino zinatsekeredwa m'banki kwawo ku Beirut pamodzi ndi za anthu ena onse, ndipo pa zaka sikisite-wanu palibe kampani imene ikanawalemba ntchito ina. Choncho mpando wawo mu ofesi ya kampani yawo, pamwamba pa nyumba yosanja, moyang'anana ndi makompyuta anayi, ndiwo unali kuthirira yasimini uja.

Ntchito yawo inali yogulitsa chinthu chimene pamsika amachitcha sitiradulo. Miyezi itatu iliyonse, makampani a pamsika wa masheya wa ku New York amalengeza phindu lawo, ndipo palibe amadziwiratu ngati nkhaniyo idzakweze sheya kapena kuigwetsa. Munthu amene akukhulupirira kuti sheya idzagwedezeka, koma sakudziwa kuti ilowera kuti, amagula mapangano awiri nthawi imodzi: ufulu wodzagula sheyayo pa mtengo wa lero, ndi ufulu wodzaigulitsa pa mtengo womwewo. Ikakwera kwambiri, pangano loyamba limamulemeretsa. Ikagwa kwambiri, lachiwiri. Mtengo wa awiriwo pamodzi ndiwo mulingo wa chivomezi chimene msika ukuyembekezera. Ukalipira madola eyiti pa sheya ya madola handiredi, ndiye kuti sheyayo iyende kupitirira eyiti, uku kapena uku, kuti ubweze zako.

A Ghassan ndi mnzawo a Wadih, Mkhristu wa ku Zahle, m'dziko la kwawo lomwelo, wamimba yaikulu ndi pakamwa posatseka, ankakhala mbali inayo. Iwo ndiwo ankagulitsa. Ankalandira eyiti uja Lachitatu, Lachinayi sheya n'kuyenda faifi kapena sikisi, iwo n'kugulanso mapanganowo motchipa, chotsalacho n'kulowa m'thumba. Sizinkatero nthawi zonse, koma zinkatero kawirikawiri.

“Ghassan, iwe Msilamu wopemphera,” a Wadih ankatero akutafuna mtedza wa pisitasho, makoko ali mbwee pa tebulo, “ukamuuza chiyani Mulungu wako akadzakufunsa kuti unkagulitsa chiyani padziko?”

“Ndidzati ndinkangomuthandiza Wadih.”

“Bodza! Udzati ndinkagulitsa tulo. Uyo wa ku New York ali ndi masheya a mapenshoni a anthu, akuopa kudzuka mawa atagwa, ndiye akugula tulo kwa ife. Winayo ndi wa juga, akulota kulemera usiku umodzi. Onse awiri safunsa mtengo. Munthu wamantha ndi munthu wadyera satsitsa, m'bale wanga.”

“Nanga ife?”

“Ife ndi opusa amene avomera kugona pa njanji. Ndiye tisalipidwe?”

Zinali zoona, ngakhale zinkanenedwa ndi pakamwa podzadza pisitasho. Tsiku wamba, wogulitsa mapangano akaona sheya ikumuthawa amatha kuithamangira, kugula pang'ono apa, kugulitsa pang'ono apo, kuti bala lisakule. Koma lipoti la phindu limatuluka msika waukulu uli wotseka, ndipo mtengo sutsika masitepe, umadumpha. Ukamati ukhudze kompyuta, sheya ili kale kutsidya. Anthu ofuna kunyamula ngozi yoteroyo ndi ochepa, ofuna kuitula ndi ambiri, ndiye wonyamulayo amaonjeza kangachepe pamwamba pa chivomezi chenicheni. Kangachepe kameneko ndiko kanalipira sukulu ya Lamis, mwana wawo mmodzi yekhayo, kanalipira lendi, ndi mankhwala a mayi Souad m'zaka zawo zomaliza.

Ndiye linafika tsiku limene sitima inadutsa pa njanji ija. Inali kampani ya zipangizo za m'chipatala, yofatsa, imene kwa zaka sinayendepo kupitirira sikisi. Anagulitsa sitiradulo yake pa eyiti, ndipo chifukwa anali ataizolowera ngati njira ya kunyumba, anagulitsa yochuluka kuposa mmene ankachitira. Lipoti linabwera ndi nkhani yoti makina ena a kampaniyo aitanidwanso kuchokera m'zipatala. Sheya inatsegula itagwa ndi sate-faifi. Phindu la zaka ziwiri linapita m'mphindi imene munthu amamwa kapu ya khofi.

Mwini ofesi anafuna mutu umodzi. A Wadih anaimirira, anasesa makoko a pisitasho ndi chikhatho n'kunena kuti ndi iwo amene anasainira kuchuluka kwa mapanganowo. Zinali choncho ndithu, koma a Ghassan ankadziwa kuti mnzawoyo akanatha kugawa mlanduwo pawiri. “Iwe uli ndi munthu woti uzimuthirira,” anatero a Wadih ali pa chikepe ndi katoni yawo m'manja. “Ine ku Zahle kuli mchemwali wanga woti azinditukwana kwaulere.” Anapita, ndipo chaka chisanathe mtima unawaima ali pa mpando m'sitolo ya alamu awo.

Kuyambira pamenepo dzanja la a Ghassan linakana kugulitsa. Mutu unkadziwa zonse zimene unkadziwa kale, koma akati adine batani, chala chinkauma. Kampani iliyonse imene ankaiyang'ana ankaionamo sate-faifi uja atabisala. Ankawerenga malipoti akale, n'kupeza kachiganizo kokayikitsa, n'kudziuza kuti iyi ndiye iphulika. Ndipo munthu amene akuona kuphulika paliponse sachedwa kuganiza kuti ngakhale sitiradulo ya madola naini ndi yotchipa. A Ghassan, amene anadya za ogula kwa zaka makumi awiri, anayamba kugula.

Sizinkawapweteka kwambiri, n'chifukwa chake zinali zoopsa. Wogula sataya kuposa chimene walipira, ndipo kawirikawiri amataya gawo chabe. Apa analipira seveni sheya n'kuyenda faifi, apo analipira teni sheya n'kuyenda eyiti. Kamodzi anawina ndithu, ndipo tsiku limenelo anagulira ofesi yonse makeke a tchizi otsekemera a kwawo. Koma ndalama zinkadontha ngati madzi a m'mabotolo awo aja, tsiku ndi tsiku, mwakachetechete.

Amene ankayang'anira amalonda onse tsopano anali Rasha, mayi wa ku Amman wa zaka sate-eyiti, amene a Ghassan ndi a Wadih anamuphunzitsa ntchitoyi atangochoka ku yunivesite. Ankawatchulabe Ammo, monga mwana amatchulira m'bale wa bambo ake, ngakhale tsopano ndiye ankasaina malipiro awo. Lachitatu lina la mwezi wa Okotobala anawaitanira m'kachipinda ka magalasi n'kutseka chitseko.

“Ammo, mzere uja mukuudziwa.”

“Ndinaulemba ndine mzere umenewo, iwe usanabadwe.”

“Ndinali nditabadwa, Ammo, ndinali ku sekondale. Mwatsala pang'ono kuufika. Mukaudutsa, si ine, ndi lamulo la ofesi. Sindingathe kukubisani.”

Mzerewo unali malire a ndalama zimene wamalonda aliyense amaloledwa kutaya pa chaka. Woudutsa amatula makiyi tsiku lomwelo.

“Gulitsani pang'onopang'ono ngati kale,” anatero Rasha. “Makampani ambiri, iliyonse kachidutswa, ndipo muzigula chitetezo cha kutali kuti sitima ikabwera isakuduleni miyendo. Ndi zimene gulu langa likuchita. Kapena osachita kanthu, khalani mpaka Disembala, muzimwa khofi. Palibe adzakufunseni.”

“Munthu wongomwa khofi samupatsa chiphaso chaka chamawa.”

Rasha ankadziwa kuti zinali zoona.

“Pali kampani ya zombo zonyamula katundu ikulengeza mawa,” anatero a Ghassan. “Mitengo ya katundu wa panyanja yagwa, ali ndi ngongole, mkulu wawo wa zachuma anachoka mwezi watha osatsanzika. Pali chinachake chawola m'menemo.”

“Zonsezo msika ukuzidziwa. Sitiradulo ili pa zingati?”

“Naini.”

“Nanga malipoti apitawa yakhala ikuyenda bwanji?”

“Sikisi. Faifi. Kamodzi leveni.”

“Ammo!” Rasha anagwira mutu. “Munandikalipira ine pa zimenezi mpaka ndinakalira ku bafa. Munati nkhani yoopsa imene aliyense akuidziwa ili kale mu mtengo. Ndi mawu anu amenewa, kapena a Ammo Wadih.”

“Wadih ananenanso kuti kampani ija ya zipatala ndi yofatsa.”

Rasha akanatha kuwaletsa, koma malonda amenewo anali m'kati mwa malire awo, ndipo kumugwira dzanja munthu amene anakuphunzitsa kugwira cholembera si chinthu chapafupi. Anangoti, “Musachulutse,” n'kutsegula chitseko.

Anachulutsa. Madzulo amenewo, msika wa ku New York utatsegulidwa, sheya ya zombo ili pa madola handiredi, anagula mapangano otha Lachisanu, ufulu wogula pa folo ndi theka, wogulitsa pa folo ndi theka. Anadziuza kuti kugula pang'ono sikungawachotse pafupi ndi mzere, ndipo akawina kamodzi mokwanira adzapuma. Mumtima mwawo munali chinthu china chimene sakanamuuza Rasha: ankafuna kukhala tsiku limodzi kumbali imene inadya a Wadih, kuti sitima ija ibwezeko kanthu.

Akuyendetsa galimoto kubwerera ku nyumba, Lamis anaimba kuchokera ku Montreal, kumene ankagwira ntchito ya mano. Anafunsa ngati akudya, ngati akumwa mankhwala a magazi, ngati yasimini waphuka. Kenako anafunsa za kuntchito, ndipo a Ghassan, pofuna kumveka ngati munthu amene akadali ndi mano, anamuuza dzina la kampaniyo. “Uyang'ane nkhani mawa. Bambo ako anena kuti igwedezeka.”

Lachinayi masana, dzuwa litapendeka, lipoti linatuluka. Linali loipa. Phindu linachepa, kampaniyo inadula gawo limene imapereka kwa eni masheya, ndipo inachenjeza kuti chaka chamawa chikhala chowawa. A Ghassan anawerenga ataimirira. Zonse zimene ananena zinalimo. M'malonda ochepa a msika usanatsegulidwe sheya inatsika kufika nainte-faifi, kenako nainte-folo, kenako nainte-firii ndi theka.

“Pitiriza,” anainong'oneza. “Tsika, mwana wa galu iwe. Tsika.”

Inkafunika kudutsa nainte-wanu kuti abweze zawo. Inaima pa nainte-folo ngati bulu amene waona ngalande. Anthu amene ankaopa nkhaniyi anali atagulitsa kale masabata apitawo, ndipo ena, ataona kuti kampaniyo sikufa, anayamba kutola motchipa.

Belu la ku New York litalira, mitengo ya mapangano inaoneka pa galasi. Ufulu wogula pa handiredi sheya imene ili pa nainte-folo unali wa masenti chabe. Ufulu wogulitsa unali pa sikisi ndi kakang'ono. Dzulo anthu ankalipira chifukwa chosadziwa, lero aliyense ankadziwa, ndipo gawo lonse la mtengo limene linali la kusadziwako linasungunuka nthawi imodzi. Chimene anagula pa naini chinali pa sikisi ndi masenti fote. A Ghassan sanafunikire makina owerengera. Anali atadutsa mzere.

Rasha anabwera n'kuima kumbuyo kwa mpando wawo. Sanawagwire paphewa.

“Latsala tsiku limodzi,” anatero a Ghassan osatembenuka. “Ikhoza kutsikabe mawa.”

“Ikhozanso kubwerera ku nainte-seveni, mutsale ndi firii. Tsekani, Ammo. Chonde musandichititse kuti nditseke ndine.”

Anatseka okha. Chala chija chimene chinkauma sichinavute konse.

M'kachipinda ka magalasi Rasha analira, ndipo a Ghassan ndiwo anamupatsa kansalu. Zinawapweteka kumuona akulira, koma chimene chinawapweteka koposa chinali funso limene anali nalo, ndipo analifunsa.

“Gulu lako linagulitsa ya zombo dzulo?”

Rasha anayang'ana pansi. “Pang'ono. Inali pa mndandanda ndi makampani ena makumi atatu.”

“Pa zingati?”

“Naini.”

A Ghassan anaseka, kuseka kouma kopanda mpweya. Pamsika munthu sadziwa amene wamugulitsa, ndipo mwina sanali iwo. Koma zinalibe kanthu. Zaka zonse zija iwo ndi a Wadih ankayerekeza nkhope ya munthu wa mbali inayo, kumupatsa mayina, kumuseka kuti ndi wamantha wosafunsa mtengo. Sanaganizepo kuti angakhale nkhalamba ya ndevu zoyera, yodziwa ntchito, yokhala matebulo atatu kuchokera pa wogulitsayo.

“Wachita bwino,” anatero. “Wadih akanakunyadira. Usadzachulutse basi.”

Ali m'galimoto pansi pa nyumbayo, katoni yawo ili pa mpando wa m'mbali, foni inalira.

“Baba! Ndaona! Alemba kuti masheya a zombo agwa, sikisi peresenti tsiku limodzi! Ndawauza anzanga onse kuno kuti bambo anga ananeneratu dzulo. Mwawina zingati? Mundigulira chiyani?”

Mawu a mwanayo anali owala, ofanana ndi a mayi ake. A Ghassan anatsegula pakamwa kuti afotokoze za naini ndi sikisi, kuti munthu akhoza kulondola nkhani n'kuluza ndalama, koma anatopa asanayambe.

“Ndinalondola, mwanangu,” anatero. “Ndikuimbira Lamlungu, tikambirane bwino. Kwanu kuja kachipinda ka alendo kakadalipo?”

“Kalipo, Baba,” anayankha Lamis ndi mawu ena.

M'mawa mwake linali Lachisanu. Anaika zigubu m'galimoto monga mwa masiku onse. Kumanda anathira madzi pang'onopang'ono kuti mchenga umwe, anadzaza mabotolo, anachotsa masamba ouma, kenako anakweza manja n'kuwapempherera akazi awo. Atamaliza anawauza nkhani yonse, ndi manambala omwe, chifukwa mayi Souad ankaimva ntchitoyi kuposa mmene ankaonetsera. Anawauza kuti atsala ndi masabata ochepa m'dzikoli. Anawapepesa. Chisoni chinawagwira mwamphamvu moti anakhala pansi pa mchenga ndi buluku lawo la ku ofesi.

Chapatali panali a Zaman, bambo wa ku Peshawar amene ankasesa njira za m'mandamo, ndipo mabanja ena ochoka m'dziko ankawasiyira kanthu kuti aziyang'anira manda a abale awo. A Ghassan anawakodola.

“Achimwene, ndikuchoka. Kamtengo aka kamafuna zigubu ziwiri Lachisanu lililonse, ndi mabotolo kudzaza. M'chilimwe mwina kawiri. Chaka chonse, zingati?”

A Zaman anayang'ana kamtengoko, anayang'ana nsapato za a Ghassan, kenako maso awo ofiira. “Chilimwe cha kuno mukuchidziwa, bwana. Kakauma mudzati Zaman wadya ndalama. Madirihamu sauzande ziwiri.”

Mutu wa a Ghassan unawerengera wokha, monga unazolowera. Madzi anali a pa mpope wa pomwepo. Ntchitoyo inali ya mphindi zochepa pa sabata. Banja la manda oyandikana nawo linkalipira eyiti handiredi, a banjalo anawauza okha chaka chatha. Ankadziwa bwino lomwe kuti chapamwambacho n'cha chiyani, ndipo ankadziwa kuti a Zaman akudikira kuti atsitsidwe, pakuti pakamwa pawo panali patakonzeka kale kunena sauzande imodzi.

A Ghassan anatulutsa chikwama, anawerenga sauzande ziwiri n'kuwaika m'manja.

“Kasaume,” anatero.